Ndimadya kamodzi n'kugona: pa mtaji mumawerenga bwanji pamene nkhomo yomaliza ikagwere?

Kamtedza23
Akuluakulu a bawo, ndithandizeni. Nthawi ya nemo, pamene nkhomo zina zikadali m'manja, zimayendako, koma masewera akangofika pa mtaji, za m'manja zitatha, kudya kwanga kumathera pa kamodzi. Ndimatha kuona pamene ndidye koyamba, koma za kutsogolo kwake sindiziona. Nali bawo limene likundisowetsa mtendere, nyumba zonse ziwiri zinali zitaphwasulidwa kale, ndipo woyenda ndi ine.

Mzere wanga wakutsogolo, kuyambira kumanzere: 0, 1, 0, 2, 1, 3, 0, 2
Mzere wanga wakumbuyo, kuyambiranso kumanzere: 1, 6, 3, 0, 2, 4, 0, 1
Mzere wakutsogolo wa mnzanga, monga wayang'anizana ndi wanga: 0, 4, 5, 0, 3, 7, 2, 4

Ndikatapa 2 za m'dzenje lachinayi n'kupita kumanja, ndimadya 7 zija, n'kugona pomwepo. Kodi panali pena pabwino? Nanga munthu amadziwa bwanji asanagwire nkhomo?

AChe_Lilanga
Maso anu anathamangira mulu waukulu. Pa bawo limeneli pali njira zinayi zodyera, inu mwaona imodzi.

MkuluWaMtaji
Achimwene a Kamtedza, yambani ndi kuwapatsa manambala maenje anu, ndipo manambalawo azizungulira monga momwe dzanja limazungulirira. Mzere wakutsogolo ndi 1 mpaka 8 kuchokera kumanzere. Dzenje limene lili kumbuyo kwa 8 ndi 9, n'kumabwerera cha kumanzere mpaka 16, limene lili kumbuyo kwa 1. Ndiye 6 zanu zakumbuyo zija zili pa 15, 3 zili pa 14, 2 zili pa 12, 4 zili pa 11.

Mukamayenda mokwera manambala, phatikizani nambala ya dzenje ndi nkhomo zimene mwatapa. Zikapitirira 16, chotsanipo 16. Mukamayenda motsika, chotsani nkhomo pa nambala ya dzenje, ndipo zikafika pa 0 kapena kupyola, onjezeranipo 16. Chimenechi chimakuuzani pamene yomaliza igwere popanda kuloza dzenje lililonse.

Nkhomo zodyedwa ndiye zosavuta kwenikweni, chifukwa sizimayambira pamene mwadyera, zimayambira kumapeto kwa mzere. Zikayambira kumanzere, chiwerengero chake ndiye nambala ya dzenje limene zikathere. Mwadya 3, mukathera pa 3. Mwadya 7, mukathera pa 7. Zikayambira kumanja, chotsani chiwerengerocho pa 9. Mwadya 3, mukathera pa 6. Mwadya 7, mukathera pa 2.

Tsopano onani zimene zinakuchitikirani. Munachoka pa 4 ndi nkhomo 2 mokwera, mwafika pa 6, mwadya 7. Popeza mumakwera, zodyedwazo ziyambira kumanzere ndipo zikathera pa 7. Pa 7 panu panalibe kanthu, ndipo 2 zanu zoyamba sizinafikepo. Kugona kumeneko kumaoneka musanakhudze nkhomo ngakhale imodzi.

Kamtedza23
Zikomo akulu, za 9 zija sindinkazidziwa. Nanga njira zitatu zotsalazo ndi ziti?

AChe_Lilanga
Ina ndi 2 zomwezo za pa 4 koma motsika. Zigwera pa 2, mudya 4, ziyambira kumanzere n'kukathera pa 4, m'dzenje lomwe mwangotapamo. Mulibe kanthu, mwagona ndi 4 zokha. Imeneyo ndiye yoipitsitsa. Ziwiri zinazo zifuneni nokha kaye.

Nyamazana_wa_Dedza
Ina ndi 6 za pa 15. Kuphatikiza ndi 21, kuchotsapo 16 kutsala 5, ndipo moyang'anizana ndi 5 pali nkhomo 3. Koma ilibe phindu imeneyo. Mudya 3, zikathera pa 3, pamene palibe kanthu. Bola 7 zomwe zija.

MkuluWaMtaji
Masamu anu ali bwino a Nyamazana, koma mwawerenga pa bawo lakale. Pa 3 panalibe kanthu musanayambe, zoona. Nanga 6 za pa 15 zija zadutsa kuti? Zagwera pa 16, 1, 2, 3, 4 ndi 5. Pofika nthawi imene mukudya, pa 3 pali kale nkhomo imodzi imene mwaikapo nokha. Ndiye 3 zodyedwa zikathera pa dzenje lokhala ndi nkhomo, ndipo kutsogolo kwake kuli 5 za mnzanu. Mwadya kachiwiri.

Apa ndi pamene anthu ambiri amasochera, ndipo ndikufuna a Kamtedza apamvetse bwino kuposa masamu onse aja. Bawo limasintha pansi pa dzanja lanu. Nthawi iliyonse imene dzanja ladutsa pa dzenje, lasiyapo imodzi. Ndiye funso lisamakhale lakuti m'dzenjemo muli zingati pakali pano, koma lakuti mudzakhala zingati podzafika ine, ndadutsapo kangati, ndipo kodi ndatapamo kale kapena ayi.

Tipitirize. Mwadya 5 pa 3, mukadali mokwera, ziyambira kumanzere n'kukathera pa 5. Kutsogolo kwa 5 munadyako kale, kulibe kanthu, ndiye simudya, mutapa zanu n'kupitiriza. Mutapa zingati? Inalipo 1, ulendo woyamba munaikapo ina, ulendo uno inanso. Ndi 3. Kuchokera pa 5 ndi nkhomo 3 mufika pa 8, pamene pali zanu, ndipo kutsogolo kuli 4. Mwadya kachitatu.

Nyamazana_wa_Dedza
Ndaona pamene ndinaphonya. Ndiye 4 zimenezo zadyedwa kumapeto a kumanja, ziyambira komweko, 9 kuchotsa 4 ndi 5. Pa 5 pali nkhomo, mutapanso n'kupitiriza. Ikupita patali imeneyi.

Mayi_aTiya
Ayi achimwene, pa 5 mwatapapo kumene 3 zija, patsala dzenje lokhalokha. Yomaliza igwera mopanda kanthu, mugona. Zonse pamodzi ndi 3, 5 ndi 4, kutanthauza 12. Koyamba munaiwala nkhomo imene mwaika, tsopano mwaiwala zimene mwachotsa. Kulakwitsa kwake n'kumodzi komweko.

BamboZulu_Chipata
Ine pano sindikumvetsa. Bwanji mukunena kuti kugwera m'dzenje lopanda kanthu ndi kugona? Pamenepo ndiye podyera, ngati kutsogolo kuli miyala ya mnzako. Ndipo zodyedwa timaziika pambali, sitizibwezera pa bwalo ayi.

AChe_Lilanga
Bambo Zulu, imeneyo ndi nsolo, kuno ena amati ntchuwa. Pa bawo zodyedwa sizichoka, zimasanduka zako n'kulowa mu mzere wako nthawi yomweyo. Nkhomo zimakhala 64 kuyambira poyamba mpaka pomaliza, m'maenje 32.

BamboZulu_Chipata
Chabwino, ndasokoneza masewera. Komabe kuphatikiza nambala ya dzenje ndi miyala kuja kugwiranso ntchito kwathu, kungosintha 16 uja malinga ndi kutalika kwa mizere, poti nsolo timakumba maenje ambiri.

Mayi_aTiya
Tibwerere kwa a Kamtedza, chifukwa njira yachinayi sinatchulidwe, ndipo ndi imene ine ndingasewere. Mulu wa 7 uja si woipa ayi. Choipa ndi mbali imene munaufikira. Ufikireni kuchokera kumanja.

Tapani 2 za pa 8 motsika. Zigwera pa 7 ndi pa 6, mwadya 7. Popeza mukutsika, ziyambira kumanja, 9 kuchotsa 7 ndi 2. Pa 2 pali yanu imodzi, kutsogolo kuli 4, mwadya. Tsono pa 2 ndi pafupi ndi kumapeto a kumanzere, ndiye 4 zimenezi ziyambira pa 1 ndipo ulendo watembenuka, mukukwera tsopano. Zithera pa 4. Kutsogolo kwa 4 kulibe kanthu, mutapa zanu. Zinalipo 2, pamene 7 zija zimadutsa zinasiyapo imodzi, ndi yomalizayi zakwana 4. Kuchokera pa 4 ndi nkhomo 4 mufika pa 8.

Apa imani pang'ono muganize, chifukwa pa 8 ndi pamene munatapa poyamba. Wina anganene kuti mwagona. Koma 7 zodyedwa zija zinayambira pomwepo, ndiye pali imodzi. Mudya 4 za kutsogolo kwa 8. Ziyambira kumanja, zithera pa 5, ndipo ulendo uno pa 5 simunatapepo, pali nkhomo. Mudya 3. Mukadali motsika, 9 kuchotsa 3 ndi 6. Kutsogolo kwa 6 munadyako poyamba paja, ndiye mutapa zanu.

Mulu wa pa 6 ndi umene umafuna kusamala. Zinalipo 3. Dzanja lagwetsapo kasanu: ulendo woyamba, podutsa 7, podutsa 4 zochokera pa 4, podutsa 4 zodyedwa pa 8, ndi yomalizayi. Zakwana 8. Kuchotsa 8 pa 6 kukupyola 0 ndi ziwiri, kuonjezera 16 mufika pa 14. Pa 14 pali 3, ndi yanuyo 4, kumbuyo sikudyedwa, mutapa n'kupitiriza motsika mpaka pa 10. Mulibe kanthu, mwagona. Mwadya 7, 4, 4 ndi 3, zonse 18.

Kamtedza23
Mayi, ndayala nkhomo pa bawo n'kutsata mmene mwalembera, zathera pa 10 ndendende. Kusiyana kwa 7 ndi 18 pa mulu umodzi womwewo! Koma zonsezi munthu angazisunge m'mutu mnzake akudikira?

Mphwanga_waKuNtaja
Ndisanayankhe zimenezo, ine ndili ndi funso pa kutembenuka kuja. Mayi akuti mukadya pa 2 mukutsika, ulendo umatembenuka. Ine ndimadziwa kuti dzenje lakumapeto lenileni, 1 kapena 8, ndi limene limakakamiza mbali. Pa 2 ndi pa 7 munthu amapitiriza mmene amayendera.

MkuluWaMtaji
Ndi maenje awiri mbali iliyonse, 1 ndi 2 kumanzere, 7 ndi 8 kumanja. Anzathu a ku Zanzibar ali ndi mayina ake, lakumapeto amati kichwa, loyandikana nalo amati kimbi. Ukadya pa anayi amenewa, zodyedwa zimayambira kumapeto amene ali pafupi, kaya umachokera kuti. Ukadya pa 3, 4, 5 kapena 6, umasunga mbali imene umayendera. Mukachotsa lamulo limeneli pa 2, njira ya Mayi aTiya isintha yonse: 4 zija zikanayambira kumanja n'kuthera pa 5, osati pa 4. N'chifukwa chake pamene mwakumana ndi munthu wachilendo ndi bwino kugwirizana zimenezi nkhomo zisanayalidwe.

Mphwanga_waKuNtaja
Ndamva, koma si onse amene amasewera chotero. Ndikafunsanso kwa akuluakulu akuno.

Chimwala_Jnr
Pa funso la a Kamtedza lija, ine ndimati kuwerenga konseku n'kochedwetsa masewera. Pansi pa mtengo wa mango anthu asanu akudikira mpata, inu muli 9 kuchotsa 7. Ena mpaka amalowetsa chala m'dzenje la mnzawo kuvundula nkhomo kuti aziwerenge. Zimenezo n'zololedwa?

AChe_Lilanga
Kuvundula za mnzako n'kupanda ulemu, ndipo ndi pamene nkhomo zimasowera. Mulu ukakula osaoneka bwino, funsa mwini wake akuuze kapena auyale yekha pachikhatho. Vuto lina ndi mabawo osema maenje ang'onoang'ono ozama. Nkhomo zikapitirira 8 zimasanjikizana, zapansi osaoneka. Dzenje labwino ndi lotambalala, losazama kwambiri, loti zala zinayi zilowe bwino.

Nyamazana_wa_Dedza
Mabulo ndiye oipa kwambiri, amaterera n'kudumphira m'dzenje loyandikana nalo. Imodzi yokha ikalowa molakwika, kuwerenga konse kuja kwapita m'madzi. Nkhomo zenizeni zotuwa zija sizidumpha chotero. Komanso musasakanize zazikulu ndi timiyala ting'onoting'ono, diso limanamizika.

MkuluWaMtaji
A Chimwala, kuchedwa kumabwera chifukwa choyesa kusunga maenje onse 16 m'mutu. Sizifunika. Taonani njira ya 18 ija: maenje amene anafuna kudziwa chiwerengero chenicheni ndi atatu okha, 4, 6 ndi 14, chifukwa ndi amene anatapidwa pakati pa ulendo. Pa ena onse funso linali lakuti muli kanthu kapena mulibe, basi. Pamene mukadya simufunika kudziwa kuti zanu zilipo zingati, mufunika za mnzanu zokha, ndipo za mnzanu sizisintha pa ulendo wanu kupatula zimene mwadya.

Ndiye a Kamtedza, musanayambe kuwerenga, yang'anani kaye maenje anu akutsogolo opanda kanthu. Pa bawo lanu ndi 1, 3 ndi 7. Amenewo ndiwo malo ogonera. Kenaka yang'anani milu ya mnzanu, muone uliwonse kumene ungakathere. Mulu wa 7 kuchokera kumanzere ukugwera pa 7, pogonera. Kuchokera kumanja ukugwera pa 2, podyera. Pamenepo mwadziwa kale mbali yoyenera, chatsala n'kufuna dzenje limene lingakufikitseni pa 6 motsika. Kuwerenga kumayambira kumapeto kubwerera m'mbuyo, osati kuyesa dzenje lililonse mmodzimmodzi.

Palinso kanthu kena kothandiza. Mukadya nkhomo zofanana ndi nambala ya dzenje limene mwadyerapo, monga 5 pa dzenje 5 mokwera, mubwerera pomwepo, ndipo kutsogolo mwakokolola kale. Mosakayika mutapa zanu. Ndiye werengeranitu mulu wanuwo ndi kuonjezapo ziwiri, ya podyera ndi ya pobwerera.

AChe_Lilanga
Tonse tikusangalala ndi 18, koma palibe amene wafunsa kuti mnzakeyo abweza chiyani. A Kamtedza, mzere wake wakumbuyo unali bwanji?

Kamtedza23
Kuyambira kumanzere kwanga: 1, 2, 0, 3, 1, 4, 0, 2. Zonse zake 38, zanga 26.

AChe_Lilanga
Ndiye tiyeni tione. Maenje ake ndiwatchula ndi manambala a maenje anu amene ayang'anizana nawo.

Mukasewera ya 18, mzere wanu wakutsogolo utsala 2, 4, 3, 1, 5, 0, 5, 4. Iye kutsogolo atsala ndi 5 pa 3 ndi 2 pa 7 basi. Kuti adye ayenera kugwera pa amodzi mwa awiriwa. Pa 3 palibe chomufikitsapo. Pa 7 afikapo ndi 2 za pakona kumbuyo kwa 8, kapena ndi 4 za kumbuyo kwa 6. Njira zonse ziwiri adya 5 zanu za pa 7, aziyambira pa 8, zikathera pa 4 pamene alibe kanthu. Agona ndi 5 zokha.

Ya 12 ija ndiye yoopsa ngakhale ikuoneka yokoma. Imakusiyani ndi 3, 4, 3, 4, 1, 5, 2, 4, maenje onse odzaza, iye ali ndi 4 pa 2, 7 pa 6 ndi 2 pa 7. Atapa 4 za pa 2, zigwera pa 3, 4, 5 ndi 6, adya 5 zanu. Aziyambira pa 1, zithera pa 5 pamene wangoikapo yake, adya imodzi yanu. Imodzi yodyedwa imagwera kumapeto penipeni, pa 1, pamenenso wangoikapo, adya 3. Zithera pa 3, adya 3 zinanso. Abwerera pa 3 pomwepo, atapa 4, afika pa 7, adya 2. Athera pa 7, atapa 4, akagona pa 3. Wabweza 14, kuposa zimene munamudya.

Chimene chapangitsa n'chakuti munamusiyira 4 za pa 2 ndi mulu wa pa 6, zotalikirana maenje anayi ndendende, ndipo podutsa wadzaza yekha maenje ake amene munawakokolola. Ya 18 imadya zonse ziwirizo.

Mayi_aTiya
Nkhomo imodzi ya pa 5 ija ndi imene inamutsegulira njira. Anthu amanyoza imodzi, koma yodyedwa imodzi imapita pa 1 kapena pa 8, ziwiri zimapita pa 2 kapena pa 7. Mukamagona, onani ngati mwasiya imodzi kutsogolo kwa dzenje limene mnzanu angathe kulidzaza podutsa.

Chimwala_Jnr
Nanga mulu ukafika 16 kapena kupitirira, masamu anuwa amatani? Ine ndimadziwa kuti pozungulira umadumpha dzenje limene watapamo.

MkuluWaMtaji
Pa bawo silidumphidwa. Nkhomo 16 zimazungulira n'kuthera m'dzenje lomwe zachokera, limene lili lopanda kanthu, ndiye mugona. Zikakhala 17 zimathera pa dzenje lotsatira, ndipo pamenepo sipangakhale popanda kanthu chifukwa mwaikapo kale pozungulira. Kuchokera pa 17 kupita m'tsogolo kugona kulibe pa ulendo umenewo, mudya kapena mutapa. Koma pa malamulo a ku Zanzibar simungayambe kudya ndi mulu wa 16 kapena kupitirira, mulu woterewo ukakhala woyambira ndi kutakata chabe, kuyenda kosadya. Ukatapidwa pakati pa ulendo wodya ndiye umadya.

Nyamazana_wa_Dedza
Lamulo limenelo kuno silitsatidwa ndi onse. Alipo amene amalola mulu wa 17 kudya ngakhale poyambira. Ndipo ngati bawo lathu limasiyana kale ndi la ku Zanzibar pa kayalidwe, ife 8 m'nyumba ndi 20 m'manja, iwo 6 m'nyumba ndi 22 m'manja, sindikuona chifukwa chakuti pa 16 pokha titsate iwo.

MkuluWaMtaji
Pamenepo sindikutsutsani, gwirizanani musanayambe. Chimene sichisintha kulikonse n'chakuti ukayamba ndi kutakata, ulendo wonsewo sudya, ngakhale yomaliza igwere kutsogolo kwa mulu wa 10. Ndiye pa kutakata kuwerenga kwake n'kofuna malo abwino ogonera, osati odyera.

Kamtedza23
Funso lomaliza kwa Mayi aTiya. Kodi za 9 zija zimagwiranso nthawi ya nemo?

Mayi_aTiya
Zimagwira, ndipo kumeneko n'kosavutirapo, chifukwa kudya koyamba simufunika kukuwerengera. Mumangoika nkhomo ya m'manja m'dzenje lanu lokhala ndi kanthu, loyang'anizana ndi za mnzanu. Ngati ndi pa 3, 4, 5 kapena 6, mbali yoyambira mumasankha nokha. Mwadya 3, muli ndi malo awiri othera, pa 3 kapena pa 6. Mwadya 4, pa 4 kapena pa 5, ndipo pa 5 ndi pa nyumba yanu. Mukathera pa nyumba kutsogolo kulibe chodya, muli ndi ufulu woima kapena woiphwasula. Musanaiphwasule werengani zonse zili m'menemo pamodzi ndi imene mwangoikayo. Ngati ndi 11 ndipo mukutsika, 5 kuchotsa 11 kuonjezera 16 ndi 10, kumbuyo. Pa 10 pakakhala popanda kanthu, mwamwaza nyumba yonse popanda chodya, bola kuima.

Mphwanga_waKuNtaja
Ndafunsa za pa 2 ndi pa 7 zija. Awiri akuti ulendo umatembenuka monga ananenera a MkuluWaMtaji, mmodzi akukana. Wokanayo akuti timuyalire bawo la a Kamtedza lomweli mawa madzulo, aone ngati 4 zija zikayambira kumanja sizidya zoposa 18.